Lipoti la ulendo wa ku Lusaka: chifukwa chake zivundikiro zathu zimatuluka zokhota

A Tcheyamani, amsungichuma ndi mamembala nonse a gulu lathu lotolera pulasitiki kuno ku Chipata, ndabwerako bwino ku maphunziro a ku Lusaka kumene munandituma. Masiku anali atatu. Tsiku loyamba linathera m'malonje ndi nkhani ya misonkho, palibe chimene ndingakuuzeni. Tsiku lachiwiri ndilo linabweza ndalama ya basi, chifukwa anatilowetsa m'fakitale n'kutiimika pambali pa makina oumba pulasitiki.

Makinawo amabwereza ntchito imodzimodzi. Chikombole chachitsulo, chomwe chili ndi mbali ziwiri, chimatsekedwa mwamphamvu. Sikuluu ya mu paipi yotentha imakankhira pulasitiki wosungunuka m'chikombolemo kudzera pa kakhomo kakang'ono. Mukadzaza, sikuluu sisiya pomwepo, imapitiriza kupanikiza kwa masekondi angapo. Kenako chinthucho chimazizira ndi madzi oyenda m'timipata ta m'chitsulo, chikombole n'kutseguka, timisomali n'kuchikankhira kunja. Kuziziraku ndiko kumadya nthawi yoposa theka, ndipo mukachindikalitsa khoma kawiri, nthawi yodikira imachuluka pafupifupi kanayi. Amene mumati tiumbe mabeseni ochindikala kuti akhale olimba, muwerengerenso magetsi.

Ine ndinanyamula chivundikiro cha ndowa chimodzi mwa zija anatibwezera amayi a ku msika wa Kapata. Mphunzitsi atachitembenuza anandionetsa kuti timaenje ta pamwamba tili ndendende pamene kunsi kuli mizere yolimbitsira. Pulasitiki akamazizira amafota, ndipo wathu wa mtundu wa PP amafota mwina 1 kapena 2 pa 100 alionse. Kunja kumauma msanga ngati kakhungu ka pamwamba pa phala, mkati mukadali mofewa. Pamene pachindikala, mkatimo mumachedwa kuzizira, ndiye pofota mumakokera khungu lija pansi. Tinayeza: khoma ndi mamilimita 3, mzere nawonso mamilimita 3. Mzere umayenera kukhala pafupifupi theka la khoma, kapena kupitirira pang'ono. Choncho mbali ina ya vutoli ili m'chikombole chimene tinagula chakale chija, ndipo ena tinanena kuti tisathamange.

Koma chimene chinandisangalatsa n'chakuti mbali inayo imayezeka ndi sikelo wamba. Pa chivundikiro chawo anapanikiza masekondi 2, chinalemera magalamu 48, timaenje tooneka patali. Pa masekondi 4 chinafika 50, pa 6 chinafika 51, pa 8 chinakhalabe 51. Kulemera kukasiya kukwera ndiye kuti kakhomo kaja kauma, palibe pulasitiki wina angalowe, ndipo kupanikiza kopitirira apo n'kutaya nthawi. Ife timachepetsa masekondi amenewa kuti titulutse zambiri magetsi asanazime. Tikutulutsa zambiri zobwezedwa.

Kukhota ndi nkhani ina. Kumabwera mbali imodzi ikafota kuposa inzake, ngati thabwa lalitali louma mbali imodzi padzuwa. Mbali ya chikombole yotentha kwambiri imafota kwambiri, ndipo chinthu chimapindikira komweko. Ndiye chivundikiro chikatuluka ngati mbale, funsani kuti m'mimba mwa mbaleyo munayang'ana mbali iti ya chikombole, n'kukhudza mapaipi a madzi a mbali imeneyo. Ndikukayikira kuti madzi athu a pa mjigo atseka timipata ndi zoyera zija timaona mu ketulo. Komanso thanki yathu ili padzuwa, ndipo masana a mu Okutobala madzi ake mutha kusamba. Kutulutsa chinthu chikadali chotentha n'kuchiunjika m'thumba nakonso kumachikhotetsa.

Apa ndilankhule zimene ena simuzikonda. Pansi pa ziwiya pamalembedwa nambala: 5 ndi PP, 2 ndi HDPE. Izi zimasungunuka pa kutentha kosiyana ndipo zimafota mosiyana, koma ife timagaya zonse pamodzi chifukwa osankha amalipidwa pa kilo, osati pa kusankha bwino. Nkhaniyi ndinaidzutsa chaka chatha, ndinayankhidwa kuti ndikufuna udindo. Lero ndi omwewo akufunsa chimene ndinadya ku Lusaka. Malisiti a basi ndi a malo ogona ali kwa amsungichuma, ndipo alawansi inatha tsiku lachiwiri, lachitatu ndinadya za m'thumba mwanga.

Tsiku lomalizalo kunabwera ogulitsa makina atsopano. Ena a magulu ena analembetsa maina, ine sindinalembetse. Ndikupempha kuti Loweruka tibwereke sikelo ya magalamu, titsuke timipata ta madzi, timangire thanki kamthunzi, ndipo tiumbe zivundikiro makumi awiri za nambala 5 yekha. Za chikombole chatsopano tidzakambirane titaziika patebulo lathyathyathya n'kuona zingati zikugwedera.