Lipoti la msonkhano: rilee yonjenjemera madzulo ndi tiriga ya Schmitt

A wapampando ndi mamembala nonse, zikomo potituma ku msonkhano wa amisiri a zamagetsi. Nkhani zinalipo zambiri, koma takutengerani imodzi yomwe yatisautsa tonse: nyali yoyaka yokha madzulo imene rilee yake imalira "tatatata" kusanade kwenikweni, mpaka timano take kupserera.

Vutoli linaonetsedwa pa benchi. LDR, rezisita yomva kuwala, inali pamwamba ku 5 V, rezisita pansi pake, ndipo mphambano yawo inalowa pa phazi 2 la kompareta LM393. Phazi 3 linali pa 2.5 V kuchokera ku marezisita awiri a 10 kΩ, R1 ndi R2. Kunja kukamada, voteji ya pa phazi 2 imatsika mwakachetechete. Tiyerekeze kuti ikutsika 1 V pa mphindi 20, ndipo mawaya atola phokoso la 50 mV kuchokera ku magetsi a m'nyumba a 50 Hz. Ndiye kuti kwa mphindi yathunthu votejiyo ikungodumpha malire a 2.5 V uku ndi uku, kompareta n'kumatsatira kudumpha kulikonse. Pa osilosikopu tinaona mzere utasanduka chipeso. Chipicho chilibe mlandu, vuto ndi malire amodzi.

Mankhwala ake ndi tiriga ya Schmitt, njira imene Otto Schmitt anaifalitsa mu 1938. Malire amakhala awiri, oyatsira ndi ozimitsira, ndipo mpata wa pakati pake ndiwo hisiteresisi. Pa LM393 pamangofunika rezisita imodzi, R3 ya 100 kΩ, kuchokera pa phazi 1, potulukira, kubwerera pa phazi 3.

Masana phazi 1 lili pansi, choncho R3 imakokera phazi 3 pansi pang'ono, pa 2.38 V. Voteji ya LDR ikangotsika kupyola pamenepo, phazi 1 limakwera, nyali n'kuyaka, ndipo R3 yomweyo imakankhira malire ku 2.62 V. Phokoso la 50 mV silingafikeko. Nyali idzazima m'mawa, kuwala kukakwezadi votejiyo kudutsa 2.62 V. Mpatawo amauwerengera chonchi:

```
Vh = 5 V × (R1‖R2) / (R1‖R2 + R3)
   = 5 × 5k / 105k ≈ 0.24 V
```

R3 ikachepa mpata umakula: ya 47 kΩ imapereka pafupifupi 0.48 V. Ife tikuona kuti ndi bwino kuyamba mwayeza phokoso, kenaka musankhe mpata woposa phokosolo katatu kapena kanayi. Mukaukulitsa mopyola, nyali imayakabe dzuwa litatuluka kale.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa zolakwika. LM393 simakweza phazi 1 payokha, imangolikokera pansi, ndiye pamafunika rezisita yokwezera, monga 4.7 kΩ, kupita ku 5 V. Ikasowa, nyali siyaka n'komwe. Koma pali msampha wina wobisika kwambiri. Mukalumikiza tiranzisita yoyendetsa rilee pa phazi 1 kudzera mu 4.7 kΩ ina, phazilo silifikanso 5 V, limathera cha pa 2.85 V. Mpata uja umatsala pafupifupi theka, malire apamwamba n'kugwera cha pa 2.5 V, ndipo kunjenjemera kutha kubwerera ngakhale chojambula chanu chili cholondola. Yezani phazi 1 nyali ili chiyakire. Ngati latsika chotero, ikani 2N7000, tiranzisita ya mtundu wa MOSFET, m'malo mwa tiranzisita wamba, popeza geti lake silikoka mphamvu.

Nyali ikamayaka ndi kuzima mosinthana, mwapang'onopang'ono, limenelo si phokoso. Kuwala kwa nyaliyo kukugunda LDR n'kukweza voteji kuposa mpata uja wa 0.24 V. Apa musathamangire R3, bisani LDR m'kapaipi kakuda koloza kumwamba. Momwemonso kuwala kwa galimoto yodutsa: kumadumpha mpata wonse, ndipo chofunika ndi kuchedwetsa, monga 100 kΩ ndi kapasita ya 47 µF kutsogolo kwa phazi 2, zomwe zimapereka masekondi pafupifupi 5.

Ena anafunsa za 74HC14, yomwe ili ndi matiriga 6 okonzeratu. Ndi yabwino poyeretsa chizindikiro cholowa mu maikurokontirola, koma malire ake simungawasunthe, ndipo pa 4.5 V mpata wake ungakhale paliponse pakati pa 0.4 V ndi 1.4 V. Pa nyali yofuna kuyaka pa mdima womwewo tsiku lililonse, pa bolodi lililonse, ife tingasankhe LM393.

Pempho lathu ku gulu n'lakuti tisanakweze bolodi lililonse pa khoma tiziliyesa. Chotsani LDR, ikani poti, rezisita yopotoza, ya 10 kΩ pa phazi 2, malitimita pomwepo. Potozani pang'onopang'ono kutsika, lembani voteji imene rilee yagwirira, kenaka bwererani kukwera, lembani pamene yasiyira. Manambala awiriwo akafanana, onani R3: kawirikawiri imakhala yapita pa phazi 2 m'malo mwa phazi 3.