Tiyamba kukuimbirani foni tsiku loyezetsa bipi lisanafike

Okondedwa makasitomala athu amene mumamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi,

Kuyambira mwezi wamawa, anamwino a pa kiliniki yathu azikuimbirani foni kukatsala masiku asanu kuti mubwerenso kudzaonana ndi adokotala. Mpaka pano timangolemba tsikulo m'kabuku kanu ka kuchipatala. Koma kabukuko kamagona m'sutikesi, ndipo bipi sipweteka ngati dzino kuti ikukumbutseni. Ambiri amabwera mankhwala atatha kalekale, akumva bwinobwino m'thupi, koma makina n'kuonetsa kuti yadutsa 140/90, malire amene timafuna kuti muzikhala pansi pake.

Talemba pano zimene anamwino azinena, kuti foni ikalira musadabwe.

Ayamba motere: "Muli bwanji mayi? Ndikuimba kuchokera ku kiliniki. Kodi ndikulankhula ndi eni ake a dzina ili? Muli poti tingalankhule?" Satchula matenda kapena mankhwala mpaka atatsimikiza kuti ndinudi. Tikudziwa kuti m'makomo ambiri foni ndi imodzi, ndipo amene wayankha angakhale mwana, mpongozi kapena woyandikana naye nyumba. Ameneyo tingomupempha kuti akuuzeni kuti a ku kiliniki anaimba.

Kenako akukumbutsani tsiku: "Tikukuyembekezerani Lachiwiri m'mawa. Mudzatenge kabuku kanu ndi mapaketi onse a mankhwala, ngakhale opanda kanthu. Tsikuli likutheka?" Ngati kuli maliro kapena thiransipoti yavuta, nenani pomwepo, tisinthe tsiku.

Funso lachitatu ndi limene tikupempha kuti mulileze mtima: "Tatengani paketi yanu, muwerenge mapilisi amene atsala." Sitifunsa kuti "mukumwa bwino?" chifukwa aliyense amayankha kuti eya, ndipo sakhala akunama, munthu sakumbukira m'mawa umene anaiwala. Paketi ndiyo imakumbukira.

Tiyerekeze kuti munalandira mapilisi 30 a amulodipini pa 1 Novembala, limodzi patsiku, ndipo munayamba tsiku lomwelo. Tikaimba masana a pa 25, ayenera kutsala 5, okufikitsani pa 30. Mukapeza 14, ndiye kuti masiku 9 anadutsa osamwa. Anamwino sakukalipirani, angofunsa chimene chinachitika. Nthawi zambiri pamakhala chifukwa chenicheni. Amulodipini amatupitsa ena m'mapazi, enalapulili amayambitsa kachifuwa kouma kosatha, ndipo timapilisi tokodzetsa tija anthu amatidumpha tsiku laulendo wa pa minibasi. Zonsezi adokotala angazikonze, mwina posintha mankhwala, koma pokhapokha atadziwa. Zimafunikanso pa tsiku loyeza. Bipi ikakwera mwa munthu amene akumwa tsiku lililonse, adokotala angaonjezere mphamvu ya mankhwala. Akaonjezera kwa munthu amene amangodumphadumpha, tsiku limene adzayambe kumwa mwandondomeko bipi ingatsike kwambiri, n'kumachita chizungulire akaimirira. Ndipo musamwe awiri lero pofuna kubweza la dzulo.

Mukapeza kuti atsala 2 okha, vuto ndi lina. Mwina munagawirako amuna anu kapena achemwali amene awo anatha (zimachitika, koma mankhwala anu mwina si oyenera iwo), mwina mumamwa kawiri mosadziwa. Apa tikuuzani kuti mubwere mapilisiwo asanathe, osadikira pa 30. Ngati mumamwa mitundu iwiri kapena itatu, tiwerenga paketi iliyonse payokha.

Pomaliza afunsa ngati mukumva mutu waukulu wosazolowereka, kuona mwachimbuuzi, kupweteka pachifuwa kapena kubanika. Mukatero akuuzani kuti mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Koma nkhope ikapindikira mbali imodzi, dzanja kapena mwendo ukafooka mwadzidzidzi, kapena lilime likalemera, zimenezo ndi zizindikiro za sitiroko. Musadikire foni yathu, thamangirani ku chipatala chachikulu chapafupi. Amayi amene mwaima kapena mukuganiza kuti mwaima, nenani, chifukwa enalapulili si woyenera munthu woyembekezera.

Kucheza konseku sikupitirira mphindi zisanu. Tiziimba pakati pa 1 koloko ndi 4 koloko masana, mkati mwa sabata. Mukapanda kuyankha tiyesanso mawa lake, kenako titumiza meseji yongotchula tsiku. Simulipira kanthu, ndipo ngati mulibe mayunitsi, ingofulashani, tikuimbirani. Anamwino athu sadzakupemphani ndalama pa foni kapena nambala yanu yachinsinsi ya Mpamba kapena Airtel Money. Wina akatero m'dzina lathu, dulani foni.

Mukabwera ulendo uno, tiuzeni nambala imene imagwira, ndi munthu mmodzi amene mwalola kuti tizilankhula naye za mankhwala anu inu mukasowa. Amene simukufuna kuimbiridwa, nenani pa windo lolandirira mankhwala, tichotsa dzina lanu pamndandanda wa mafoni, ndipo chithandizo chanu chipitirira monga kale.

Ife anu,
Oyang'anira kiliniki