Usadikire Lolemba kuti uwathokoze

Mwana wanga,

Mayi ako andiuza kuti intavyu ya ntchito yosunga katundu ija ndi Lachisanu 10 koloko mmawa, ndiye ndati ndikulembere zomwe ndinaiwala pa foni paja. Ukatuluka muja usaiwale kauthenga kothokoza abwana amene akakufunse mafunsowo.

Usatumize uli pageti ayi, amadziwa kuti unalemberatu dzulo, komanso nthawi imeneyo adakali ndi mnzako wina mkatimo. Fika kaye kunyumba, upume, ulembe, utumize cha m'ma 3 koloko masana asanaweruke. Anthu amati bola asadutse maola 24, nzoona ndithu, koma yakoyi yagwa Lachisanu, maola 24 akukafikitsa Loweruka maofesi ambiri ali otseka, ndiye Lolemba imelo yako ikakwiririka pansi pa mulu wa zina. Ine nthawi yomwe ndinkakhala nawo pofunsa anthu kuntchito kwathu, womaliza akangotuluka timayamba kukambirana pompo, pofika Lolemba maina awiri atatu amakhala atasankhidwa kale. Intavyuyi ikanakhala ya madzulo mkati mwa sabata ndikanati mawa lake mmawa, koma usiku pakati ayi.

Ulembe mwachidule, mizere inayi kapena isanu basi, ndipo muzikhala chinthu chimodzi chomwe munakambiranadi. Tiyerekeze adandaula kuti katundu wa m'buku samagwirizana ndi wa pa shelefu, ungalembe chonchi:

"Zikomo bwana chifukwa cha nthawi yanu lero mmawa. Ndakhala ndikuganizira za kusiyana kwa katundu komwe munatchula kuja. Komwe ndinali tinkawerenga pang'onopang'ono sabata iliyonse m'malo modikira kutha kwa mwezi, ndipo vuto limaoneka msanga. Ntchitoyi ndikuifunitsitsa, ngati pali china chofunika ndili wokonzeka kutumiza."

Ulembe m'chiyankhulo chomwe mwayankhulana pa intavyupo. Kuti udziwe ngati walemba bwino, funsa kuti kodi uthengawu ungapitenso ku kampani ina osasintha kanthu? Ngati eya, fufuta uyambirenso.

Ngati pali funso lomwe unapunthwa, ukhoza kulikonza ndi mzere umodzi, koma osayamba kupepesa ngati wapalamula. Za malipiro usatchule, za "kodi mwaganiza bwanji" usatchulenso, si nthawi yake.

Dzina lawo ulione kawiri, ndimakudziwa iwe ndi kulemba mothamanga pa foni. Wina anatilemberapo uthenga wabwino zedi koma dzina la kampani linali la kwina, tinangoseka nkumusiya. Yankha pa imelo yomwe anakuitanira ija, pa WhatsApp pokhapokha ngati iwowo ndi amene anayamba kukulembera kumeneko. Ngati ulibe imelo ya abwanawo, tumiza kwa amene anakuitanayo umupemphe akufikitsire.

Akapanda kuyankha usatumizenso, ambiri sayankha. Dikira tsiku lomwe anena kuti adzakuuzani lidutse kaye ndi masiku awiri.

Undiimbire ukatuluka.

Ndine bambo ako