Lipoti la msonkhano wa aphunzitsi a sayansi: chimene chimathamangitsa pulaneti likayandikira dzuwa

A Wapampando ndi aphunzitsi anzanga,

Zikomo pondituma. Msonkhano unali wa masiku awiri ndipo mitu inali ingapo, koma ndalemba za mutu umodzi wokha umene munanditsindikira ponyamuka, wa kayendedwe ka mapulaneti. Ndinapita ndikudziyesa wodziwa, poti mutuwu ndauphunzitsa kwa zaka zambiri, koma ndabwerako nditazindikira kuti yankho limene ndakhala ndikupatsa ana ndi loperewera.

Amene ankatitsogolera, mayi wophunzitsa fizikisi ku yunivesite, anatiuza kuti aliyense alembe pakapepala chifukwa chimene pulaneti limathamangira likayandikira dzuwa. Pafupifupi tonse tinalemba zofanana: pafupi ndi dzuwa mphamvu yokoka ndi yaikulu, choncho pulaneti limathamanga. Iwo sanatitsutse. Anajambula njira ya pulaneti pabolodi, naika kadontho pamalo oyandikitsitsa dzuwa, natifunsa kuti tijambule mivi iwiri: wina wosonyeza kumene pulaneti likulowera, wina wosonyeza kumene dzuwa likulikokera. Mivi ija inakumana ngati ngodya ya chitseko, pa madigiri 90. Ndiye anafunsa kuti, ngati dzuwa likukokera cham'mbali, osati kutsogolo, liwiro likuwonjezeka bwanji pamenepa? M'chipindamo munali zii.

Yankho ndi lakuti pamalo amenewo liwiro silikuwonjezeka n'komwe. Mphamvu yokokera cham'mbali imangokhotetsa chinthu, siichifulumizitsa. Liwiro lalikulu limene pulaneti lili nalo pamenepo lachita kulisonkhanitsa panjira.

Tengani Mekyule, pulaneti loyandikana kwambiri ndi dzuwa, limene limazungulira dzuwa m'masiku 88. Likakhala kutali kwenikweni limatalikira makilomita 69.8 miliyoni, ndipo limayenda makilomita 38.9 pa sekondi. Kuchoka pamenepo limayamba kuyandikira pang'onopang'ono, ndipo popeza njira yake yapendekera chakudzuwa, mphamvu yokoka ija siikhalanso ya cham'mbali pokha: gawo lina limakokera kutsogolo. Kwa masiku 44 gawo limeneli limawonjezera liwiro tsiku ndi tsiku. Pofika pafupi penipeni, pa makilomita 46 miliyoni, Mekyule amakhala akuyenda makilomita 59 pa sekondi. Akadutsa pamenepo zinthu zimatembenuka. Tsopano akutalikira, dzuwa latsalira chakumbuyo, ndipo mphamvu yomwe ija imamubweza kwa masiku 44 enanso, mpaka liwiro litabwerera pa 38.9.

Mphunzitsi wina wachikulire anati ndi zimene zimachitika ndi njinga potsetsereka kupita kudambo. Imathamanga kwambiri pamlatho, pansi penipeni, pamene msewu uli wathyathyathya, ndipo liwirolo lachokera ku mtsetse wonse umene wautsika. Ukayamba chitunda cha tsidya linalo liwiro limatha pang'onopang'ono. Ine chitsanzo chimenechi ndachikonda kuposa zonse zimene ndinamva, chifukwa mwana aliyense wa kuno wachimva m'thupi mwake. Kusiyana kwake ndi kwakuti njinga imataya mphamvu chifukwa cha mphepo ndi kukhulana kwa matayala ndi msewu, pamene pulaneti silikhulana ndi kanthu, n'chifukwa chake limakwera n'kukafika pamtunda womwe linachokera.

Apa ndinafunsa funso limene mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa chaka chatha ine n'kulizemba. Ngati dzuwa limakoka kwambiri pulaneti likayandikira, bwanji silingolimeza? Anatiyankha ndi manambala. Pamtunda uliwonse kuchokera kudzuwa pali liwiro limodzi loti chinthu chizungulire mwa bwalo lenileni, osayandikira komanso osatalikira. Pa makilomita 46 miliyoni liwiro limenelo ndi pafupifupi makilomita 54 pa sekondi. Mekyule amafika pamenepo ali pa 59, wapyola muyezo, motero ngakhale dzuwa likoke chotani silingamukhotetse mokwanira, ndipo amatulukanso. Kutali kuja, pa makilomita 69.8 miliyoni, liwiro la bwalo ndi pafupifupi 44, koma iye ali pa 38.9, waperewera, ndiye amayamba kugwera mkati. Kugwako kumamupatsa liwiro, liwirolo n'limene limamutulutsanso. Mtsikana uja ndikamufunafuna ndimuuze.

Madzulo tinachita zamanja. Tinakhoma misomali iwiri pathabwa, n'kukolekapo ulusi womanga mfundo, n'kuukoka ndi pensulo mozungulira. Chojambulidwacho ndi elipisi, ndipo dzuwa limakhala pa msomali umodzi, osati pakati. Pamsomali winawo palibe kanthu. Anatiletsa kunena kuti njirayi ili ngati dzira, popeza dzira n'losongoka mbali imodzi pamene elipisi mbali zake ziwiri n'zofanana. Anatichenjezanso za zithunzi za m'mabuku zimene zimasolola njira ya dziko lathu mopitirira. Kuti mujambule njira ya dziko molondola, ndi mtunda wa masentimita 30 kuchokera pakati kufika m'mphepete, misomali iyenera kutalikirana sentimita imodzi yokha. Ndi maso mungati ndi bwalo.

Kenaka tinatenga paipi ya bolopeni yochotsa mtima, kulowetsamo ulusi, kumangirira kachofufutira kunsonga, n'kumakazunguza pamwamba pa mutu. Ukakoka ulusiwo kunsi kuti bwalo lichepe, kachofufutira kaja kamayamba kuthamanga mpaka kumveka kulira kwa mphepo. Izi zinatifikitsa pa lamulo lachiwiri la Kepler, katswiri wakale wa zakuthambo. Lamuloli limati mzere wochokera kudzuwa kufika pa pulaneti umasesa malo ofanana kukula pa nthawi yofanana. Ganizani za munda wa ngodya zitatu umene nsonga yake ili padzuwa. Pulaneti likakhala kutali, munda wa tsiku limodzi ndi wautali koma wowonda. Likakhala pafupi ndi waufupi, ndiye kuti ukhale wofanana kukula ndi uja uyenera kutambalala, kutanthauza kuti pulaneti layenda mtunda wautali pa tsiku limodzi lomwelo.

Lamuloli n'lotheka kuliyesa ndi kakyuleta ya mwana wasukulu. Pamalo awiri aja, apafupi penipeni ndi akutali kwenikweni, mukachulukitsa mtunda ndi liwiro yankho liyenera kufanana. Kwa Mekyule, 46 × 59 = 2714, ndipo 69.8 × 38.9 = 2715. Kusiyana kochepako kwabwera chifukwa tadula manambala. Koma samalani, chifukwa gulu lathu linagwa pamenepa: tinayesa kugwiritsa ntchito masamu omwewa pamalo a pakati panjira ndipo sanagwirizane. Pamalo enawo pulaneti likuyenda mopendekera, ndiye chimene chimawerengedwa ndi gawo lokhalo la liwiro lodutsa chopingasa mzere wopita kudzuwa. Mwana akakulemberani kuti mtunda kuchulukitsa ndi liwiro n'chimodzimodzi paliponse, dziwani kuti waloweza koma sanamvetse.

Nanga n'chifukwa chiyani nambala ya mtunda kuchulukitsa ndi gawo lopingasa lija la liwiro siisintha? Anatiimiritsa pachitseko chotsegula natiuza kuti tichikankhe pamphepete molunjika kumahinjesi. Sichinasunthe. Mphamvu yolunjika pamene chinthu chikuzungulirapo siingawonjezere kapena kuchepetsa kuzungulirako, ndipo dzuwa nthawi zonse limakokera kwa ilo lokha.

Mbiri yake anaikhudza mwachidule. Johannes Kepler anapeza lamuloli posanthula miyezo ya pulaneti la Mazi imene katswiri mnzake Tycho Brahe anasiya pomwalira mu 1601, ndipo analisindikiza mu 1609. Lamulo analipeza bwino, koma chifukwa chake anachiphonya: ankaganiza kuti dzuwa limakankha mapulaneti mowasesa kutsogolo, ndipo kukankhako kumafooka pulaneti likatalikira. Nditamva zimenezi ndinaona kuti yankho limene tinalemba patimapepala tija silinasiyane kwenikweni ndi lake. Isaac Newton ndiye anasonyeza mu 1687 kuti mphamvu iliyonse yokokera pamalo amodzi imabala lamulo la malo ofanana.

Mfundo imene inautsa mkangano waukulu ikutikhudza ife a kumwera kwa ikweta. Dziko lathu limayandikira kwambiri dzuwa kumayambiriro kwa Januwale, pa makilomita 147.1 miliyoni, likuyenda makilomita 30.3 pa sekondi. Limatalikira kwambiri kumayambiriro kwa Julayi, pa makilomita 152.1 miliyoni, likuyenda 29.3. Mwana wa kuno akamva zimenezi amalumpha n'kunena kuti n'chifukwa chake Julayi amazizira, ndipo aphunzitsi angapo pamsonkhanopo ankaganizanso chimodzimodzi. Zangochitika kuti zagwirizana. Mu Januwale yemweyo ku Ulaya kumagwa chipale, dziko lili pafupi ndi dzuwa chimodzimodzi. Nyengo zimabwera chifukwa dziko ndi lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23.4, ndipo kusiyana kwa mtunda kuja n'kochepa, pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse.

Komabe liwiro la dziko limasiya chizindikiro pakalendala, ndipo ichi ana angachiwerenge okha. Pali masiku awiri pachaka pamene dzuwa limakhala pamwamba pa ikweta, cha pa 20 Malichi ndi cha pa 22 Seputembala. Masiku amenewa amagawa ulendo wa dziko m'mbali ziwiri zoyang'anizana. Kuchokera pa 20 Malichi kufika pa 22 Seputembala ndi masiku 186. Kuchokera pamenepo kufikanso pa 20 Malichi ndi 179 okha. Mbali yodutsa Januwale yafupika ndi mlungu wathunthu, popeza dziko limakhala chakufupi ndi dzuwa, njira yake yaifupiko komanso likuthamanga. Ndinawerenga kawiri ndi chala pakalendala yapakhoma m'chipindamo chifukwa sindinakhulupirire.

Ndikupempha zinthu ziwiri, a Wapampando. Choyamba, pamkumano wathu wotsatira mundipatse ola limodzi kuti tichitire limodzi zoyesera zija. Sukulu iliyonse ibwere ndi kathabwa, misomali iwiri, ulusi wotalika mita imodzi ndi bolopeni yakutha. Chachiwiri, funso la mutuwu pa mayeso athu a chigawo tilikonze. Momwe lilili pano, mwana wolemba kuti mphamvu yokoka ndi yaikulu pafupi ndi dzuwa amatenga malikisi onse. Ndikuganiza kuti timupatse chithunzi cha elipisi, aike mivi iwiri ija pamalo anayi, ndipo anene pamene liwiro likukwera, pamene likutsika, ndi pamene mphamvu yokoka ikungokhotetsa njira. Malisiti a ndalama za ulendo ndapereka kale kwa a msungichuma.

Ine nthumwi yanu.