Tiuzeni mphamvu ya umboni musanatilangize

Akonzi,

Sindikugwirizana ndi nkhani yanu ija yoti zimene kafukufuku wapeza zizilowa msanga m'malangizo a zipatala. Umboni uziyamba wayezedwa.

Njira ya GRADE, yomwe bungwe la WHO limatsatanso, imaika umboni pa masitepe anayi: wamphamvu, wapakati, wofooka ndi wofooka kwambiri. Kafukufuku amene odwala agawidwa m'magulu mwamaere amayambira pamwamba, koma sakhalapo mwaulere.

Tinene kuti mankhwala anayesedwa pa akuluakulu okhaokha, pomwe ine kuno ku Mzuzu ndikufuna kupatsa mwana wa zaka zitatu. Umboniwo sukunena mwachindunji za wodwala wanga, choncho utsika sitepe imodzi. Ngati oyesedwawo analinso ochepa, moti zotsatira zikulola kuti mwina mankhwalawo amathandiza, mwinanso amavulaza, utsikanso ina. Wafika pofooka, ngakhale mutu wa nkhani ukuti "zatsimikizika". Apa langizo liyenera kukhala loti dokotala aone mmene wodwala alili, akambirane ndi kholo, osati lamulo.

Vuto ndi loti m'timabuku timene timalandira ku wodi, malangizo onse amamveka ngati ofanana mphamvu. Olemba malangizo azilemba sitepe ya umboni pambali pa langizo lililonse, ndi chifukwa chimene anautsitsira. Nanunso atolankhani muziifunsa.

Namwino wa ana,
Mzuzu