Lamulo ndikulidziwa, koma pakamwa pamatulukabe "he don't"

Okondedwa Alangizi,

Ndine mayi wa zaka 34 ndipo ndimagwira ntchito yolandira ndi kutumiza katundu pakampani ina. Masana onse ndimayankha foni, ndipo ndisanaweruke ndimalemba kalipoti ka mizere itatu kapena inayi m'Chingerezi. Chingerezi ndimachimva bwino, kuwerenga sindivutika, ndipo mawu aataliatali sandiopsa. Chimene chandithetsa nzeru ndi tiziganizo tating'ono, ta mawu atatu kapena anayi, timene mneni amayenera kugwirizana ndi mwininkhani. Pamenepa ndi pamene ndimaphonya, ndipo ndaphonyapo kwa zaka zambiri osadziwa.

Mwezi wathawu ndinasiya uthenga uwu patebulo la abwana anga: "The people is waiting outside. The driver don't have the key. One of the boxes are open." M'mawa mwake ndinapeza pepalalo labwerera patebulo langa, mawu atatu atazungulizidwa ndi cholembera chofiira: "is", "don't" ndi "are". Abwanawo sanandinyoze, anangoti uthenga ngati umenewu nthawi zina umapita kwa makasitomala, choncho ndiziuwerenga kawiri. Koma mtima unandipweteka, chifukwa ziganizo zitatu zokha ndinalemba, ndipo zonse zitatu zinali zolakwika. Madzulo ake ndinakhala pansi ndi pepalalo kuti ndione pamene phazi linaterereka.

Choyamba chija sichinanditengere nthawi. Mawu akuti "people" alibe s kumapeto, ndiye diso langa limawaona ngati chinthu chimodzi. Chonsecho amatanthauza anthu ambiri, ndipo mmodzi ndi "person". Ndiye timati "the person is waiting", koma "the people are waiting". Ndinazindikira kuti "children", "men" ndi "women" ali m'gulu lomweli, ochuluka koma opanda s, ndipo ndikakumbuka bwino ndanenapo "the children is sleeping" kangapo konse. Chachitatu chija chinali chosiyana. Ndinalemba "are" chifukwa mawu amene anali pafupi ndi mneni anali "boxes". Koma chotsekuka si mabokosi onse ayi, ndi limodzi. Mwininkhani ndi "one", amene waima kutali kumayambiriro kwa chiganizo, ndiye payenera kukhala "one of the boxes is open". Nditachotsa mawu akuti "of the boxes" n'kuwerenga zotsalazo, kulakwa kunaonekera poyera, pakuti palibe amene anganene "one are open".

Chachiwiri chija, cha "don't", ndiye chimene chandilembetsa kalatayi. Lamulo lake ndimalidziwa kuyambira kusukulu. Tikamanena zimene zimachitika nthawi zonse, mneni amalandira s ngati mwininkhani ali "he", "she", "it" kapena dzina la chinthu chimodzi. Timati "I work", "you work", "we work", "they work", koma "he works". Pokana, s uja amasamukira pa "do" n'kupanga "does", ndiye timati "he doesn't work". Mutandipatsa mayeso lero, ndikhoza kukhoza zonse. Koma foni ikalira, kasitomala akukalipa kuti katundu wake sanafike, pakamwa panga pamatuluka "he don't know" ndisanaganize n'komwe. Ndimadzimva ndekha mawu atatuluka kale, ndipo kubweza sikutheka.

Ndayesa kuganiza chifukwa chake, ndipo ndikufuna mundiuze ngati ndikulondola. M'Chichewa mgwirizano ulipo, ndipotu ndi wochuluka kuposa wa m'Chingerezi. Timati chitseko chatseguka, zitseko zatseguka. Bokosi lafika, mabokosi afika. Galimoto yaima, njinga zaima. Palibe mwana amene amaphonya zimenezi. Koma tikafika pa anthu, nthawi zambiri mneni sasintha. Timati munthu akudikira, anthu akudikira. Iye safuna, iwo safuna. Dalaivala alibe kiyi, madalaivala alibe kiyi. Ndiye m'mutu mwanga, pamene nkhani ili ya munthu, mulibe kanthu kondiuza kuti mmodzi ndi ambiri ayenera kukhala ndi aneni osiyana. Ndaonanso kuti pa zinthu ndimaphonya pang'ono, "the box is here" ndi "the boxes are here" zimatuluka bwino, koma pa anthu ndi pamene ndimagwa kawirikawiri. Kuwonjezera apo, kwa ife chizindikiro cha mgwirizano chimakhala kumayambiriro kwa mneni, pamene m'Chingerezi ndi kachilembo kamodzi kumapeto, pamene mpweya watsala pang'ono kutha ndipo maganizo ali kale pa mawu otsatira.

Chinanso chimene chimandisokoneza ndi ntchito ziwiri za s yemweyo. Pa dzina, s amasonyeza kuchuluka. Pa mneni, s amasonyeza kuti wochita ndi mmodzi. Ndiye "the driver arrives" ndi mmodzi, "the drivers arrive" ndi ambiri, ngati kuti s uja akungosinthana malo. Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti mayina akachuluka mneni nayenso avale s kuti afanane, ndipo ndinkalemba "the drivers arrives" ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndalemba mosamala.

Chitabwerera chipepala chija ndinayamba kudziwongolera, koma apa ndi pamene ndinagwera m'dzenje lina. Poopa kuiwala s, ndinayamba kumuika paliponse. Ndinalemba "the driver doesn't has the key", tsiku lina ndinafunsa mnzanga kuti "does she knows?", ndipo ndinafika polemba "he cans come". Mnzanga amene timakhala moyandikana kuntchito anandifotokozera kuti s amaoneka kamodzi kokha. Ngati "does" wamutenga kale, mneni wotsatira amabwerera m'mene analili: "he doesn't have", "does she know". Anandiuzanso kuti mawu monga "can", "will", "must" ndi "should" salandira s ngakhale wochita akhale mmodzi, ndipo mneni wowatsatira salandiranso. Zimenezi zinandithandiza polemba. Ndinapepukidwanso nditaona kuti pa zakale vutoli limachepa, chifukwa "didn't" ndi wa aliyense, "he didn't come" ndi "they didn't come", ndipo chotsala kusamala ndi "was" ndi "were" basi. Komabe ndaona kuti ndayamba kuthawira ku zakale ngakhale pamene sizikuyenera, n'cholinga chongozemba s, ndipo ndikudziwa kuti kumeneko si kuchira.

Panopa ndisanapereke lipoti ndimachita chinthu chimodzi. Pa chiganizo chilichonse ndimafunafuna amene akuchita, kenako ndimayesa kuika "he", "it" kapena "they" m'malo mwake. "The people" amasanduka "they", ndiye "are". "The list of names" amasanduka "it", ndiye "is". Njira imeneyi imagwira bwino kwambiri papepala, chifukwa pepala limadikira. Koma pali mawu ena amene ndikawayesa njirayi imandisocheretsa. Mawu akuti "everybody" kwa ine ndi gulu la anthu, ndiye mtima umati "they", chonsecho cholondola ndi "everybody is here" ndi "everyone has a key". Mawu akuti "news" ali ndi s kumapeto koma timati "the news is good". Pamene "police" alibe s koma timati "the police are coming". Atatuwa ndangowaloweza pamtima, koma ndikuopa kuti alipo ena ambiri amene sindinakumane nawo. Kodi pali njira yowazindikirira, kapena ndi kungoloweza mmodzimmodzi ukakumana nawo?

Palinso mawu monga "staff", "team" ndi "family". Ndaonapo "the team is ready" ndipo ndaonaponso "the team are ready", zonse m'zolemba za anthu odziwa. Ndinamva kuti olankhula Chingerezi cha ku Britain amalola zonse ziwiri, malinga ndi kuti akuona gulu ngati chinthu chimodzi kapena akuona anthu ake, pamene a ku America amakonda "is". Ngati zili choncho, ine wolemba kalipoti ka mizere inayi ndisankhe chiti kuti pepala lisabwererenso? Chimodzimodzi ndi "there is" ndi "there are". Ndikudziwa kuti mneni amatsatira dzina limene likubwera kutsogolo, "there is a box" koma "there are two boxes". Koma pafoni ndimamva anthu amene Chingerezi anayamwira akunena "there's two boxes" popanda wowadzudzula. Ndimamvanso "he don't" m'nyimbo ndi m'mafilimu, ndipo ndikudziwa kuti pali madera amene anthu amalankhula choncho tsiku ndi tsiku pakati pawo. Mwina n'chifukwa chake khutu langa silikana mawuwa. Ndikufuna kumvetsa pamene malire ali, kuti ndi ziti zimene zimaloledwa pocheza zokha, ndipo ndi ziti zimene sindiyenera kunena ngakhale pafoni ya kuntchito.

Koma pempho langa lalikulu ndi la pakamwa. Ndayesa kunena mokweza m'mawa uliwonse kuti "he doesn't, she doesn't, it doesn't", kakhumi kakhumi, kwa masabata atatu. Ndikakhala ndekha zimayenda bwino. Ndikayamba kulankhula ndi munthu, pamachitika chimodzi mwa ziwiri. Ndikalankhula mwa liwiro langa, "don't" amabwerera. Ndikati ndisamale, ndimaima pakati pa chiganizo kufunafuna mwininkhani, ndipo wa mbali inayo amafunsa ngati foni yaduka. Dzulo lomweli kasitomala anafunsa ngati dalaivala akudziwa njira, ine ndinayamba bwino kuti "he", kenako ndinakhala chete kwa kanthawi ndikusankha pakati pa "know" ndi "knows", mpaka iye anabwereza funso lake mokweza.

Ndiye ndikufunseni, Alangizi, kodi ndi bwino kudziwongolera pomwepo ndikazindikira kuti ndalakwa, kubwereza chiganizo munthu akumva, kapena ndizingopitiriza n'kukonza ulendo wina? Kodi ndiyambe ndi chinthu chimodzi chokha, monga "doesn't", mpaka chikhazikike, n'kusiya kaye "everybody" ndi anzake? Mnzanga uja wadzipereka kuti azigogoda tebulo ndi chala nthawi iliyonse akandimva ndikuti "he don't". Sindinamuyankhe, chifukwa ndikuopa kuti zingandiwonjezere mantha m'malo mondithandiza, koma ngati inu mukuona kuti n'zothandiza, ndivomera.

Mwezi wamawa ndapemphedwa kuti ndizipereka lipoti la sabata pakamwa, pamaso pa anthu asanu ndi mmodzi, kwa mphindi zisanu. Zimene ndikanene ndikuzidziwa bwino, ndipo pafupifupi chiganizo chilichonse chikhala cha zimene dalaivala amachita, zimene kasitomala amafuna ndi zimene sitolo ilibe, kutanthauza kuti s adzafunika pafupifupi paliponse. Ndatsala ndi masabata anayi. Chonde ndiuzeni zimene ndingachite tsiku lililonse m'masabata amenewa, ndi mphindi zingati, komanso m'mene ndingadziwire kuti zikusintha.

Ine wanu,
Mayi wofuna thandizo