Lipoti la msonkhano wa ku Lusaka wokhudza kalembedwe ka antchito

A Wapampando, a komiti ndi mamembala nonse a kopaletivi yathu kuno ku Chipata, ndabwerako ku Lusaka kumene munandituma. Malisiti a basi ndi a kogona ali kwa a Msungichuma, amene akukayika za alawansi akaone okha.

Gawo la malamulo a penshoni linali kuwerenga mapepala basi, ndabwera nawo. La za makompyuta silikutikhudza pakali pano.

Chimene chinandigwira mtima ndi nkhani ya nkhope pa intavyu. Mu 1994 akatswiri a zachuma Hamermesh ndi Biddle anapeza kuti ku America ndi Canada anthu amene ena amawaona ngati osakongola amalandira malipiro otsika ndi 5 mpaka 10 peresenti poyerekeza ndi a nkhope wamba, pomwe okongola amalandira ochulukirapo. Ku Israel, Ruffle ndi Shtudiner anatumiza makalata ofunsira ntchito oposa 5,000, awiriawiri ofanana maphunziro, ina ndi chithunzi ina yopanda. Amuna okongola anaitanidwa pafupifupi ka 20 pa 100 alionse, osakongola ka 9 kokha. Koma kwa akazi zinatembenuka: amene sanaike chithunzi ndiwo anaitanidwa kwambiri, kuposa okongola omwe. Ndiye chithunzi chimapweteka mbali zonse, ndipo ife pano tikulembabe pa chidziwitso cha ntchito kuti "bweretsani chithunzi cha pasipoti". Cha chiyani, pamene sitinamulembe munthuyo?

Wina anafunsa za lamulo. Employment Code Act ya 2019 imaletsa tsankho pa zinthu monga mtundu wa khungu, fuko, kukhala mwamuna kapena mkazi, kukhala ndi pakati ndiponso ulumali, koma kukongola sikutchulidwa. Wokanidwa chifukwa cha kunenepa, mano kapena chipsera alibe pogwira penipeni. Msonkhano unagwirizana zopempha boma kuti liwonjezere mawu amenewo. Ndinakweza nawo dzanja, koma kunena zoona sindiyembekezera zambiri, pakuti palibe bwana amene amalemba kuti "ndamukana chifukwa cha nkhope". Amalemba kuti "sali simati", kapena "sangayang'anizane ndi makasitomala". Mukaona mawu otere pa pepala la intavyu popanda yankho lililonse la munthuyo lolembedwa pambali, dziwani kuti anamuyesa ndi maso okha.

Njira imene anationetsa tikhoza kuiyamba nyengo ino polemba kalaliki wa pa depoti ya soya ndi nshawa. Mlembi, amene sakhala nawo pa intavyu, achotse chithunzi ndi dzina pa kalata iliyonse, aike nambala. Osankha oitanidwa aone nambala ndi maphunziro basi. Oitanidwawo ayambe ndi ntchito yeniyeni: mlimi wabweretsa matumba 37 a makilo 50, mtengo tinene kuti ndi K12 pa kilo, lembani lisiti. Yankho ndi makilo 1,850, ndalama K22,200. Pepalalo lichongedwe lili ndi nambala yokha. Kenaka mafunso akhale omwewo kwa aliyense, motsatana chimodzimodzi, mwachitsanzo lakuti mlimi akukana zimene sikelo yaonetsa ndipo mzere ndi wautali, muchita chiyani? Tigwirizane kale kuti yankho la malikisi 5 ndi lotani (kuika mwala woyesera pa sikelo mlimiyo akuona, kuyezanso, kulemba m'buku) ndi la malikisi 1 ndi lotani. Wofunsa aliyense alembe malikisi ake asanalankhule ndi mnzake. Apa mpamene pagona nkhani, chifukwa wamkulu akangoti "mwana uja waoneka bwino", enafe timangovomera.

Ndikudziwa ena ati izi nza makampani aakulu. Nanga chaka chatha? Mayi uja wa ku Chadiza anagwira sikelo nyengo zingapo popanda thumba losowa, koma mpando wa woyang'anira depoti unapita kwa wina amene anangofika, ati chifukwa "amadziwa kulandira alendo". Ndinapempha pepala la malikisi pa msonkhano wa pachaka, mpaka lero sindinalione. Sindikunyoza amene anakwezedwayo, mlandu si wake.

Pa kukweza pantchito mpovuta kwambiri, nkhope simungaibise kwa munthu amene mumaonana naye tsiku lililonse. Chimene chingathandize ndi kulengeza mpando poyera kuti onse afunsire, ndi kuweruza ndi mabuku a depoti: makilo ogulidwa, makilo ofika ku nkhokwe, madandaulo a alimi. Ngakhale pamenepo pali msampha, popeza wokondedwa ndi amene amatumidwa ku maphunziro ndi kupatsidwa depoti ya pamsewu, ndiye mabuku ake amaoneka bwino kale. Maulendo a maphunziro azizungulira.

Ndikupempha kuti nkhani ya chithunzi ndi ya mafunso ofanana ilowe pa ndondomeko ya msonkhano wa komiti ukubwerawu, tisanatulutse chidziwitso cha makalaliki. Pepala la malikisi la chaka chatha libwerenso tsiku lomwelo.